Mwaswera ku Likhubula, mwadzuka ku Indiana

Ndinakwera minibasi ku Limbe m'mamawa, mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba minda ya tiyi ku Thyolo konse. Pa Chitakale ndinatsika n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kulowera ku Likhubula kwa agogo. Njira yonseyi ndinkangoti "mwadzuka bwanji", koma pofika pakhomo dzuwa linali litapendeka, ndiye ndinagwada n'kunena kuti mwaswera bwanji agogo. Kunoko zimenezi sitichita kuganizira, mthunzi ndi umene umatiuza.

Nditadya nsima, agogo anati ndiwaimbire msuweni wanga amene ali ku South Bend, m'boma la Indiana ku Amerika. Inali 2 koloko masana.

"Mwaswera bwanji amuna anga?" anatero agogo, monga amachitira ndi adzukulu awo aamuna onse.

Mnyamatayo anakhala kaye chete, kenako n'kuseka. Kwawoko inali 8 koloko m'mawa, asanamwe n'tiyi yemwe. Akayankha kuti waswera bwino ndiye kuti wanama, koma kuwakonza agogo ndi mwanonso. Anangoti, "Ndadzuka bwino agogo, kaya inu mwaswera bwanji?"

Apa m'pamene ndinaona kuti moni wathu ndi funso lofunsa za tsiku la mnzako, osati lako. Ukamufunsa mmene wadzukira, uyenera kudziwa kuti kwawoko kwacha. Ndipo "kaya inu" wa masiku onse uja amagwira ntchito ngati nonse muli pansi pa dzuwa limodzi. Mukatalikirana, funso lobwezera liyenera kutchulidwa lonse, monga anachitira msuweniyo.

Kuwerengera kwake n'kosavuta, koma kumasintha. Ku South Bend amatsalira ndi maola 6 kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamulungu loyamba la Novembala. Akabweza mawotchi awo, amatsalira ndi maola 7, chifukwa ife sitisuntha wotchi chaka chonse. Amene ali ku Joni alibe vuto, nthawi yathu ndi yawo n'chimodzimodzi.

Ndinawauza agogo kuti azingoti "muli bwanji", poti ameneyu sasankha ola. Anakana. Akuti umenewo ndi moni wopatsa mlendo wodutsa pamsewu, osati mwana amene anamubereka kumbuyo. Ine ndikuona kuti sanalakwitse, ngakhale kuti pa uthenga wa mawu, umene munthu amaumvera nthawi imene wapeza mpata, palibe moni wina woyenera kuposa umenewo.

Tinagwirizana kuti nsima ya masana ikapsa, kumeneko ndi "mwadzuka", ndipo nkhuku zikamalowa m'khola ndi "mwaswera". Mawa lake madzulo anayesa okha, n'kufunsa molimba mtima kuti mwaswera bwanji. Mnyamatayo anayankha ndi mawu a tulo. Anagwira ntchito usiku wonse, ndipo foni yathu ndi imene inamudzutsa.

Agogo anandipatsira foni ija, n'kupita kukatseka khola.