10 wachiwiri ali kumanzere kapena kumanja?

Sabata ino yandithera mphamvu abale. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse, labu yodzaza, ana atatu pa kompyuta imodzi, magetsi nkuthima tili pakatikati. Koma zomwe zandipsetsa mtima ndi mayeso a Lachitatu.

Funso ndinalemba ndekha: mangani binary tree, mtengo wa manambala womwe nambala iliyonse imakhala ndi ana osapitirira awiri, wakumanzere ndi wakumanja, kuchokera ku mindandanda iwiri iyi.

```
preorder = [8, 3, 1, 6, 10, 14]
inorder  = [1, 3, 6, 8, 10, 14]
```

Njira yake ndinawaphunzitsa ana asukulu anga mpaka mawu kusasa. Mndandanda wa `preorder` umatchula muzu kaye, kenako nthambi yakumanzere, kenako yakumanja, pomwe wa `inorder` umatchula yakumanzere, muzu, kenako yakumanja. Woyamba mu `preorder` ndiye muzu, apa ndi 8. Ukamupeza mu `inorder`, onse ali kumanzere kwake, 1, 3 ndi 6, ndi nthambi yakumanzere, 10 ndi 14 yakumanja. Poti kumanzere alipo atatu, umabwerera mu `preorder` nkutenga atatu otsatira 8 uja, woyamba ndi 3 ndiye muzu wa nthambiyo, 1 kumanzere kwake, 6 kumanja. Uku kwinaku 10 alibe kanthu kumanzere, basi 14 ndi mwana wakumanja. Mtengo umodzi wokha, palibe zokangana.

Ndiye pepala linapita kukataipidwanso ku ofesi, ine osandionetsa ngakhale ndinapempha kawiri, pobwera 14 wasanduka 10 m'mizere yonse iwiri. Apa ndiye panagona nkhani. Njirayi imagwira pokhapokha nambala iliyonse ikuoneka kamodzi. Tsopano mu `inorder` muli ma 10 awiri, muzu ndi uti? Ukati woyambayo, mnzakeyo akhala mwana wakumanja. Ukati wachiwiriyo, akhala wakumanzere. Yendani mitengo yonse iwiri ndi pensulo muone, ikutulutsa mindandanda yomweyo ndendende.

Omwe analemba `inorder.index(10)` anapeza 10 woyamba, mtengo wawo nkufanana ndi wa pa pepala la mayankho, mwamwayi chabe. Koma pali mtsikana wina wakhama, anasunga malo a nambala mu `dict` kuti asamafufuze mndandanda wonse pa nodi iliyonse, zomwe ndimawalimbikitsa ndekha, 10 wachiwiri anafufuta malo a woyamba, pulogalamu nkumafunabe mwana wina kumanzere `preorder` atatha kale, mapeto ake `IndexError`. Anakweza dzanja misozi ili lengelenge akuti aphunzitsi ndalakwitsa pati, ine kusuzumira pa sikirini ndi pomwe ndinaona ma 10 awiriwo, thupi lonse kuzizira.

Lachinayi ndinakawaonetsa abwana mitengo iwiriyo nditajambula papepala. Akuti chongani motsatira mayankho omwe alipo, nthawi yatha. Ndinakana ndithu. Wojambula kumanzere ndi wojambula kumanja onse ndawapatsa malikisi onse, mtsikana uja kodi yake ndinaiyesa ndi 14 weniweni ndipo inayenda bwinobwino, naye wapeza onse.

Lachisanu tinayamba labu ndi mzere uwu, womwe umaimitsa pulogalamu ngati nambala ina yabwerezedwa, aliyense auike pamwamba asanayambe kumanga:

```python
assert len(set(inorder)) == len(inorder)
```

Lipoti lofotokoza chifukwa chomwe sindinatsatire mayankho awo akulifuna Lolemba mmawa, ndayika kale mitengo iwiri ija patsamba loyamba.