Mwezi wachinayi: sheya yotchipa ija

Kope langa la masheya lafika tsamba 31. Sindinayambe kuika ndalama zenizeni ayi. Ndimangogula papepala, n'kumalemba mitengo Loweruka lililonse.

Sabata yatha ndinkaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndinapeza kampani ina yopanga makatoni, sheya yake ikugulitsidwa pa 60. Phindu la chaka chatha linali 300 miliyoni, masheya onse alipo 20 miliyoni, ndiye kuti sheya iliyonse inapanga phindu la 15. Kugawa 60 ndi 15, P/E, kutanthauza mtengo wa sheya ukaugawa ndi phindu la sheyayo, inatuluka 4. Tanthauzo lake n'lakuti phindu litati lizibwera chomwecho chaka ndi chaka, pakutha zaka zinayi kampaniyo ikhala itapanga ndalama zofanana ndi zimene ndagulira sheya. Makampani ena atatu a ntchito yomweyo anali pa 10, 11 ndi 12. Ndinazunguliza 4 uja ndi cholembera chofiira, kawiri konse.

Msampha unali pa mawu akuti "litati lizibwera chomwecho". Lachiwiri usiku ndinatsegula lipoti la pachaka, n'kupitirira masamba a zithunzi za mabwana akumwetulira, mpaka kumapeto kumene kuli timalemba ting'onoting'ono tofotokozera manambala. Kumeneko ndinapeza kuti pa 300 miliyoni paja, 220 miliyoni inachokera pogulitsa malo ndi nyumba yosungiramo katundu, msonkho utachotsedwa kale. Nyumbatu sigulitsidwa kawiri. Makatoni enieniwo anabweretsa 80 miliyoni basi. Ndinabwerezanso masamu: 80 miliyoni kugawa ndi 20 miliyoni ndi 4, ndipo 60 kugawa ndi 4 ndi 15. Sheya imene ndinkati yotchipa kuposa zonse inapezeka kuti ndiyo yodula kwambiri pa zinayizo.

Chinandichititsa manyazi n'chakuti chizindikiro chinali poyera. Ndalama zolowa pogulitsa makatoni zinatsika zaka zitatu zotsatizana, koma phindu n'kudumpha mwadzidzidzi. Malonda akamatsika phindu likukwera chonchi, ndiye kuti pali china chabwera chapambali. Anagulitsiranjinso nyumbayo? Tsamba la ngongole linayankha lokha: panali ngongole yaikulu yoyenera kubwezedwa chaka chomwecho. Panopa akuchita lendi nyumba yomwe inali yawo, ndipo lendiyo izidya phindu la zaka zikubwerazi. Amene ankagulitsa sheya pa 60 sanali opusa. Anali atawerenga kale zimene ine ndinadumpha.

M'kope ndawonjezera mizere iwiri pa kampani iliyonse: phindu la zaka zisanu, ndi phindu ndikachotsa zobwera kamodzi. Zikundichedwetsa, kampani imodzi ikumatha madzulo onse. Ya makatoni sindinaifafanize, ndikufuna ndione mtengo wake lipoti lotsatira likadzatuluka lopanda nyumba ija. Loweruka ndiyamba ya simenti, imene P/E yake ili pa 5, ndipo ndiyambira kumasamba akumapeto.