Rota ya ku labu kwathu, ndapeza pomwe imalakwika

Lolemba sindinayambe bwino. Dzulo lake inali 6 Julayi, ndiye nditangofika ku labu mamawa ndinapeza mtsikana wathu wamng'ono uja atakhala pa benchi pafupi ndi maikulosikopu maso ali psuu. Ndinamufunsa kuti zavuta chani achemwali, iye akuti, "Bwana, ine ndinalakwa chani? Holide iliyonse ndi ine, chinkhoswe cha mng'ono wanga ndamvera pa foni." Mtima unandipweteka zedi chifukwa rotayo ndimalemba ndine.

Pa labu pathu tilipo sikisi osawerengera ine, ndipo wikendi iliyonse pamafunika awiri, poti malungo ndi magazi a ku matenite sadikira Lolemba. Ndinawagawa magulu atatu awiriawiri, mmutu mwanga ndimati aliyense akugwira wikendi imodzi pa itatu, basi chilungamo.

Lachiwiri madzulo ndinatenga buku losainira lija, osati rota yomata pakhoma ayi koma buku lomwe limaonetsa amene anabweradi, nkuyamba kuwerenga kuyambira Januwale mpaka Juni. Mawikendi 26. Gulu loyamba lagwira 12, lachiwiri 8, lachitatu 6. Ndinawerenga kawiri kuganiza kuti ndaphonya. Kenako ndinaona pomwe pagona nkhani: mwezi ukayamba ndimatenga pepala latsopano nkuyambiranso pamwamba, gulu loyamba, lachiwiri, lachitatu, ndiye wikendi yachinayi imabwereranso kwa loyamba, mwezi wotsatira nkuyambanso omwewo. Mwezi wa mawikendi asanu okha ndi umene gulu lachiwiri limalawako kawiri, lachitatu silinagwirepo kawiri ngakhale mwezi umodzi. Ndipo mtsikana uja ali mgulu loyamba.

Za maholide ndiye zinali zoipa kuposa apa chifukwa kunalibe ndandanda, ndimangofunsa kuti ndani atithandize. Amene amakhala pafupi ndi chipatala, alibe ana, sadziwa kukana, ndi yemweyo. Pa maholide 8 a miyezi imeneyi, kuyambira Nyuwere, la Chilembwe pa 15 Januwale, 3 Malichi, awiri a Isitala, Idi, 1 Meyi mpaka la Kamuzu pa 14 Meyi, iye yekha anagwira 6. Komanso akuluakulu ena amamupempha kuti ndigwirire ndili ndi zovuta kumudzi ndidzakubwezera, osabweza, pakhoma dzina nkumaoneka lawobe.

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro ndinawaitana onse nkulemba manambala aja pa bolodi. Kunali zii. Madala athu ena anati, "Koma bwana, ifenso pa unyamata wathu timagwira choncho, ana azilimba." Ndinawayankha mwaulemu kuti madala zimenezo zinali zolakwika kalelo, panonso ndi zolakwika.

Zomwe tagwirizana si zambiri. Rota ya mawikendi izilembedwa ya miyezi itatu nthawi imodzi ndipo isamayambirenso mwezi ukatha, pomwe yalekezera mpomwe ipitirire, ngati Julayi watha ndi gulu loyamba Ogasiti ayambe ndi lachiwiri. Maholide ali ndi mzere wawowawo, amene wagwira ochepa ali kutsogolo, ukagwira umapita kumbuyo kwenikweni. Ndiye Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala agwira awiri omwe chaka chino sanagwireko, ndipo mtsikana uja ali kumchira.

Pa Khirisimasi mpomwe tinakanganapo pang'ono, poti holide zonse si zofanana, palibe amalira akagwira pa 3 Malichi koma pa 25 Disembala aliyense amafuna kudya mpunga ndi ana. Tamanga kuti wogwira Khirisimasi sagwira Nyuwere, komanso sagwiranso Khirisimasi ya chaka chinacho ngakhale mzere utamupeza, timamudumpha. Mnzathu wachisilamu anadzipereka yekha kuti iye Khirisimasi atha kumagwira bola pa Idi azipuma, ndipo pa rota talemba mayina pa mawu oti Idi osati pa deti, poti tsikulo limadziwika mwezi ukaoneka. Mnzathu wina wopemphera pa Sabata naye sitimukakamiza Loweruka, wikendi ya gulu lake azigwira Lamulungu, Loweruka lakelo azisinthana ndi wina, iye nkumubwezera Lamulungu lake.

Kusinthana sitinaletse, maliro sachenjeza. Koma tagula kope la dala, onse awiri azisaina, alembe tsiku lobweza, ine ndisainenso, ndipo powerenga tiziwerengera amene wagwiradi ntchitoyo. Wina akayamba kuoneka kwambiri mukopemo ngati wogwirira anzake ndidziwa kuti zayambiranso.

Lachisanu ndinamata rota yatsopano ya mpaka Seputembala, ina ndinajambula nkuponya pa gulupu yathu ya WhatsApp kuti wina asadzati sindinaone. Tayambira gulu lachitatu. Mtsikana uja anaima pakhomapo akuyendetsa chala, kenako anatulutsa foni kuimbira mayi ake kuti mawa m'mawa akwera minibasi.