Satifiketi yaulere, koma madola 15 pa ola

Lachinayi usiku. Tiyi wazizira m'kapu, koma mawu a kasitomala uja akanali kundizungulira m'mutu.

Ndi bambo wina wa ku America amene ali ndi kakampani kofolera nyumba. Anaika ntchito pa Upwork, tsamba la pa intaneti lopezerapo maganyu, akufuna munthu womukonzera mabuku a ndalama mu pulogalamu ya QuickBooks Online. Ndinalemba kalata yofunsira ntchitoyo, ndipo pamzere woyamba penipeni ndinanena kuti ndili ndi satifiketi ya QuickBooks ProAdvisor, yosonyeza kuti pulogalamuyi ndimaidziwa bwino, mtengo wanga ndi madola 15 pa ola. Chaka chatha ndinkalipiritsa 8. Yankho lake linali lalifupi: "Satifiketi imeneyi si yaulere kodi? Aliyense akhoza kuitenga. Ndikulipireni 15 chifukwa chiyani?"

Chimene chandiwawa n'chakuti sananame. Kampani ya Intuit, eni ake a QuickBooks, silipiritsa mayesowo. Koma umafunika kupeza 80 pa 100 kuti ukhoze, ndipo chaka chilichonse umalembanso kuti satifiketiyo isathe mphamvu. Ine ndinawerengera usiku, masiku ena ndi foni yokha magetsi atathima, bandulo ikutha ngati madzi a m'lichero. Ndiye wina angoti "yaulere"?

Ndinaimbira achimwene. Iwo anayamba kalekale zogwira ntchito pa intaneti, amajambula zizindikiro za makampani. Ndinkafuna andipepese, koma anangoseka.

"Iwe, satifiketi ndi chikwangwani cha pa okala. Chimaimitsa wodutsa, koma amene amagulitsa ndi iwe uli m'katimo. Munthuyo wakuyankha, eti? Pa anthu onse amene anafunsira, wayankha iwe. Basi pepala lagwira kale ntchito yake."

"Nanga 15 ija, achimwene?"

"Muonetse chimene ukuona m'mabuku mwake chomwe wa madola 8 sangaone."

Ndinakwiya pang'ono, chifukwa akamalankhula chonchi amakhala ngati akuphunzitsa Sande sukulu. Komabe ndinabwerera kwa bambo uja, n'kumupempha anditumizire lipoti la `Balance Sheet` lokha, loonetsa chuma ndi ngongole za kampani. Nditalitsegula, maso anagwera pa akaunti ya `Undeposited Funds`. Munali madola opitirira 20,000, pamene akaunti imeneyi imangosunga ndalama kwakanthawi zisanalowe kubanki, ndipo siyenera kufufuma choncho.

Matendawa ndimawadziwa. Wogula akalipira invoisi, munthu amalemba malipirowo ndipo amakakhala mu `Undeposited Funds`. Kenako ndalama zomwezo zikaonekera pa mndandanda wochokera kubanki, umayenera kudina `Match` kuti ziwirizi zilumikizane. Wosadziwa amaziwonjezera ngati ndalama zatsopano zimene kampani yapeza. Mapeto ake malonda amodzi awerengedwa kawiri, akaunti ija ikungotupa, ndipo mabuku akuonetsa phindu limene kulibe. Kumeneko ndi kukalipira msonkho wa ndalama zomwe sunazigwirepo.

Ndinamulembera zimenezi m'mizere isanu, osatchulanso satifiketi. Ndinawonjezera kasamu kakang'ono. Iye mwini anali atandiuza kuti amene ankamusungira mabuku poyamba ankatha maola 20 pamwezi, pa madola 8, kutanthauza 160. Ine, mabukuwo akakonzedwa, ntchito ya pamwezi ndikhoza kuimaliza m'maola 9. Pa 15 ndi madola 135. Wodula uja ndiye wotchipa.

Anakhala chete nthawi yaitali, mwina ola, mwina kuposa, sindinayang'ane wotchi. Ndinatsuka mbale zimene sizinali zakuda kwenikweni. Ndinayamba kudzifunsa ngati sindinapereke nzeru yaulere, kuti atenge mizere yanga isanu ija n'kukapatsa wina wa madola 6 kuti akonze. Zimachitika. Ndiponso chimene ndinaona m'lipoti lija ndinachiphunzira powerengera mayeso omwewo amene akuwanyozawo, ndiye sindikuvomereza kuti ndi chikwangwani chabe. Achimwene sanalembepo mayeso a zamabuku, asamandiuze.

Bambo uja atabwera anati zimene ndanena n'zoona, wafunsa amene amamuwerengera misonkho. Koma akufuna tiyambe pa madola 11, "tikadziwana tidzakweza". Upwork ikadulapo gawo lake, zondifikira sizikwana n'komwe 11 yo, osanena za kutumiza ndalamazo kuno. Ndipo mtengo umene wagwirira ntchito umatha kuoneka pa mbiri yako, wotsatira n'kudzati bwanji uja munamuchitira 11. Komanso ndemanga yabwino ya nyenyezi zisanu ndikuifuna, chifukwa zimene ndili nazo zonse ndi za nthawi ya madola 8.

Ndalemba 13, ndafufuta. Ndalemba 15, ndafufutanso. Kwawoko kukanali masana, akuoneka kuti ali pa intaneti, ndipo laputopu yatsala ndi 12 pa 100.