Goli linati thyo: zimene ndaphunzira za mvekero

Pamene ndinkakonzekera phunziro la mitundu ya mawu, ndinkaona ngati mvekero ndi wosavuta kuposa yonse. Dzina lili ndi magulu ake, mneni ali ndi nthawi ndi misintho yake, koma mvekero ndinkangouona ngati mawu otsanzira phokoso, oika kumapeto kwa chiganizo kuti nkhani ikome. Ndi mmenenso ndinawauzira ana m'kalasi ulendo woyamba. Mtsikana wina anaimika mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga tikati kunja kwayera mbee, phokoso lake ndi liti?" Yankho limene ndinamupatsa tsiku limenelo silinali lokwanira, ndipo zinandikhala pamtima mpaka tchuthi.

Tchuthicho ndinapita kwathu, kumtunda kwa Ntcheu, chakufupi ndi Tsangano. Madzulo ena tikuwotha moto m'khitchini, azakhali anga ankafotokoza za tsiku limene ngolo yonyamula mbatatesi kupita ku msika wa Lizulu inachita ngozi pa malo otsetsereka. Anati: "Mwana wanga, tangomva kutsogoloku njinga yamoto. Ng'ombe zija dzidzimu! Goli thyo! Matumba onse khuthu, mbatatesi balala mumsewu monse. Ine mwana nyamu, kumsana. Amalume akowo angoti phee, manja m'khosi." Ndinawapempha kuti abwereze, ndipo ndinalemba ziganizozo kuseri kwa kope momwe anazinenera.

Nditaziwerenga m'mawa mwake ndinaona chinthu chimene sindinachimve ndi khutu. Kuyambira pa ng'ombe zija mpaka pa mwana kumsana, mulibemo mneni ngakhale mmodzi. Zochitika zisanu zatsatana, aliyense wazimva bwinobwino, koma ntchito yonse yagwiridwa ndi dzidzimu, thyo, khuthu, balala ndi nyamu. Mawu amene ndinkawayesa okometsera ndi amene anasenza chiganizo. Ndipo mwa asanuwo, ndi thyo yekha amene tinganene kuti akutsanziradi phokoso. Enawo akujambula kachitikidwe ka chinthu: kudzidzimuka, kumwazikana, kunyamula mwachangu. Katswiri wa ziyankhulo za Chibantu, Clement Doke, pamene ankakhazikitsa tanthauzo la mawu a mtundu umenewu mu 1935, anatchula phokoso ngati chimodzi chabe mwa zinthu zimene amajambula, pamodzi ndi mtundu wa chinthu, fungo, kachitidwe, mkhalidwe ndi kukula kwa zochitikazo. Funso la mtsikana uja linali litayankhidwa kalekale.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi. M'Chichewa, monga m'ziyankhulo zina za Chibantu, mawu ambiri a m'chiganizo amamvera dzina. Tikati goli, mneni amayamba ndi li-, tikati ng'ombe zambiri amayamba ndi zi-, ndipo mfotokozi nayenso amatsata: goli lalikulu linathyoka, ng'ombe zazikulu zinathawa. Mvekero sumvera lamulo limeneli. Sitinganene kuti goli lithyo, kapena ng'ombe zidzidzimu, kapena goli linathyo. Sulandira mgwirizanitsi, sulandira nthawi, sulandiranso si- wokanira. Kaya zathyoka dzulo kaya zidzathyoka mawa, kaya ndi ndodo imodzi kaya ndi mitengo khumi, thyo amakhala thyo.

Ndiye chiganizo chikafuna kuonetsa nthawi ndi mwininkhani chimatani? Chimabwereka mneni wamng'ono woti asenze zonsezo, ndipo mneniyo kawirikawiri ndi -ti. Goli linangoti thyo. Ng'ombe zidzangoti dzidzimu. Onani kuti li- wa goli, -na- wa nthawi yakale ndi -ngo- zonse zakakamira pa -ti, mvekero wangoima pawokha osakhudzidwa. Mneni ameneyu ndi yemwe uja timagwiritsa ntchito pobwereza mawu a munthu, ngati pamene tikuti anati bwerani. Zili ngati woyankhulayo akubwereza zimene golilo linachita, kuti womvera azionere yekha. Mneni wina amene amathandiza ndi -li, ndipo pali kusiyana kumene khutu la Mchewa kapena Mngoni limakumva msanga. Tikati amalume anangoti phee, tikuonetsa nthawi imene analowa mu bata lija. Tikati amalume ali phee, tikuwapeza ali kale momwemo.

Azakhali aja sanagwiritse ntchito -ti pa ziganizo zapakati chifukwa nkhani inali itafika potentha, ndipo nthawi yake anali ataikhazikitsa kale pachiyambi. Amene amakamba nthano bwino amadziwa zimenezi popanda kuphunzitsidwa: mneni amachoka pamene zinthu zikuthamanga, amabwerera pamene zadekha. Ndi chifukwa chake pomaliza anati angoti phee.

Tsopano tiyeni tiuone bwino nyamu uja, chifukwa ndi pamene ndinakhalitsa. Ine mwana nyamu. Apa pali wochita ndi wochitidwa, ndipo tikafuna mneni tinena kuti ndinanyamula mwana. Koma tikati alendo aja nyamu, ulendo, palibe chimene anyamula, anyamuka okha. Mvekero umodzi womwewo waimira aneni awiri, kunyamula ndi kunyamuka. Pawokha sunena ngati chinthu chachitika chokha kapena wina wachichititsa. Mawu ouzungulira ndi amene amatiuza. Ngakhale pa -ti zimaoneka: nthambi inangoti thyo, ndiye kuti yathyoka, koma mnyamata anangoiti thyo, ndiye kuti waithyola, ndipo kachizindikiro ka pamtherankhani, -i-, kalowa mu -ti osati mu mvekero.

Mvekero ukafuna kukhala mneni weniweni umalandira mphatikiram'tsogolo, ndipo pamenepo uyenera kusankha mbali. Ukatenga -ka, chinthu chikuchitika pachokha. Ukatenga -la, pali amene akuchichita. Ndinayesa ndi mawu a azakhali: thyo amabala thyoka ndi thyola, khuthu amabala khuthuka ndi khuthula, nyamu amabala nyamuka ndi nyamula. Ndinapitiriza ndekha: du, duka, dula; gumu, gumuka, gumula; tsegu, tseguka, tsegula. Pa ena mbali ya wochititsa imathera ndi -za kapena -tsa, monga tembenu, tembenuka, tembenuza, gubudu, gubuduka, gubuduza, ndiponso dzidzimu, dzidzimuka, dzidzimutsa. Akangosanduka mneni, ufulu uja watha. Thyoka amalandira zonse zimene thyo ankakana: linathyoka, zidzathyoka, silinathyoke. Njirayi imayendanso mobwerera, mneni n'kukhala ngati mvekero, monga tikati ndinamupeza ali gone, kapena ali khale pakhonde.

Lamuloli lili ndi malire, ndipo ndi bwino kuwauza ana malirewo asanayambe kupanga okha mawu. Mbee, bii ndi phee salandira -ka kapena -la. Palibe kumbeeka kapena kupheela. Chinanso, maonekedwe a mawu amanyenga. Phi ndi mvekero wa chinthu cholemera chikagwa pansi, koma kuphika sikuchokera pamenepo ngakhale kuti zilembo zikulola. Pofuna kutsimikiza ubale, tanthauzo la mvekero ndi la mneni ziyenera kukumana, monga zikumanira pa gumu ndi gumuka.

Mvekero ngati mbee ndi bii uli ndi khalidwe linanso: umasankha mneni woyenda naye. Timati kuyera mbee, kuda bii, kufiira psuu, kuuma gwa, kudzaza tho, kutha psiti. Sungasinthanitse n'kunena kuti kuda mbee. Apa ndi pamene ambiri timausokonezera ndi muonjezi, popeza ukubwera pambuyo pa mneni n'kumuwonjezera mphamvu. Koma muonjezi ngati kwambiri amayenda ndi mneni aliyense, kuyera kwambiri, kuda kwambiri, kuthamanga kwambiri. Ndipo muonjezi sangatsirize chiganizo pambuyo pa -ti. Kunja kunangoti mbee ndi chiganizo chathunthu, pamene kunja kunangoti kwambiri sichikumveka. Kuyesa kumeneku ndi kumene ndidzawapatse ana: ikani mawuwo pambuyo pa anangoti kapena chinangoti, kenako yesani kuwaphatikiza mgwirizanitsi. Akalola choyambacho n'kukana chachiwiricho, mwapeza mvekero. Chenjezo ndi la mfuwu, chifukwa anati mayo nachonso chimamveka. Kusiyana kwake n'kwakuti mayo watuluka pakamwa pa munthu amene tikumunenayo, pamene goli lilibe pakamwa.

Pa kukana napo pali kanthu. Munthu akafuna kunena kuti goli lili bwinobwino amati silinathyoke, sakonda kunena kuti silinati thyo, chifukwa n'kovuta kujambula chinthu chimene sichinachitike. Ndipo tikati malaya sanayere mbee, sitikukana kuyera konse. Malayawo ayera ndithu, koma sanafike pamene mbee amafika.

Ngakhale kapangidwe ka mawuwa n'kosiyana ndi anzawo. Chichewa sichikonda kuti mneni aime ndi phatikizo limodzi, ndi chifukwa chake polamula timati idya, imwa, ipha, kuwonjezera i- kuti maphatikizo akwane awiri. Mvekero suvutika nazo: thyo, du, phi, gwa, tho, onsewa ndi a phatikizo limodzi. Umalolanso kukokedwa ndi kubwerezedwa monga woyankhula afunira, ndipo tanthauzo limasuntha. Thyo ndi kamodzi, thyothyothyo ndi timitengo tambiri tikuthyoka motsatana.

Nditawerenga za ziyankhulo zina ndinapeza kuti si zathu zokha. M'Chizulu mneni wothandiza uja ndi -thi, ndipo kukakhala bata amati kwathi cwaka. Ali ndi mvekero wa kung'ambika, dabu, umene umayenda ndi dabuka ndi dabula, ndendende ngati thyo wathu. Zinandikhudza, poganizira kuti makolo a Angoni a kuno kwa Gomani anachokera kummwera komweko m'zaka za m'ma 1800, ngakhale kuti kufanana kumeneku n'kwakale kuposa ulendo wawo, n'kwa banja lonse la Chibantu. Ashona nawo amati akati zii. M'Chiswahili mvekero umakonda kungotsatira mneni kapena mfotokozi wake, monga kulala fofofo, tulo tofa nato. Za Chichewa chathu, a Andrew Kulemeka analemba kafukufuku wathunthu wa digiri ya udokotala mu 1993 ku yunivesite ya Indiana, wofufuza malo a mvekero m'malamulo a chiyankhulochi.

Sukulu ikatsegulira ndidzayamba phunziroli ndi ziganizo za azakhali zija pa bolodi, ndipo ndidzawauza ana kuti apezemo mneni. Akamusowa, aliyense adzalembenso nkhaniyo kawiri, poyamba ndi -ti, kenako ndi aneni a -ka ndi -la, kuti aone okha pamene mgwirizanitsi ndi nthawi zikukhala pa njira iliyonse. Mtsikana uja ndidzamupatsa mbee kuti ayese kumusandutsa mneni, atiuze chimene wapeza.