Lachinayi usiku, za mwana wotupa mapazi

Asainimenti ya sabata ino ikufuna tifotokoze mmene zikhulupiriro za makolo zimakhudzira nthawi ndi malo amene anthu amakafuna thandizo akadwala, ndi mmene namwino angayankhire mwaulemu. Anzanga ambiri atenga za azamba ndi mwanamphepo. Ine ndalemba mutu wokha basi, chifukwa maganizo anga akadali ku wodi ya ana onyentchera, kwa agogo ena amene tinacheza nawo masana.

Mdzukulu wawo ndi mnyamata wa chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu. Wabwera atatupa mapazi, miyendo, manja ndi nkhope yomwe, zikope zolemera moti maso akuoneka pang'ono. Tsitsi lake ndi lofiirira, lopyapyala, ndipo khungu la m'ntchafu layamba kusupuka. Sakulira kwenikweni, akungodandaula chapansipansi, ndipo ukamuyandikira akutembenuza nkhope. A Sisita anandiuza kuti ndidinikize zala zanga zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Nditachotsa, panatsala maenje awiri amene sanabwerere msanga. Kutupa kukakhala m'mapazi mokha timalemba +, kukafika m'miyendo ndi m'manja ++, kukafika kunkhope +++. Uyu ndi +++, ndipo mwana wotere sapatsidwa chiponde kuti akadyere kunyumba, amagonekedwa. Kalamba koyezera mkono kanasonyeza masentimita 12, pachikasu, osafika pofiira pamene pamayambira pansi pa 11.5, koma a Sisita anandikumbutsa kuti madzi a m'thupi amanamiza lamba ndi sikelo yomwe. Kutupa mbali zonse ziwiri pakokha ndi kokwanira.

Pamwamba pa mapazi aja panali mphini, zitatu zitatu mbali iliyonse, zopakidwa mankhwala akuda. Imodzi inali itayamba kuchucha. M'chiuno munali kachingwe kokhala ndi kachithumwa.

Kumene analandiridwa m'mawa, munthu wina anali atawakalipira kale chifukwa cha mphinizo. Mayi a mwanayo anandiuza pambuyo pake kuti anafunsidwa pamaso pa anthu onse a pamzere kuti, "Mumafuna afe kaye ndiye mubwere?" Choncho pofika kwa ife onse awiri anali atatseka pakamwa. Titafunsa ngati mwana wamwa mankhwala ena alionse, anati ayi. Titafunsa kuti kutupa kunayamba liti, anati dzana. Khungu losupuka chonchija si la dzana.

Ndinakwiya, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Wokalipayo mwina anatopa, mzere unali wautali, ndipo miyezi ino ya njala ana otere akubwera motsatizana. Komabe mawu amodzi aja anatitsekera mbiri yonse ya matenda, imene ndi yomwe timagwirira ntchito.

A Sisita sanapitirize mafunso. Anayamba awapatsa mkaka wapadera wa ana onyentchera wotchedwa F-75, anaonetsa mayi kamwetsedwe ka kapu, kenako anakoka kampando n'kukhala pansi pafupi ndi agogo aja, mitu yawo kukhala yofanana. Anafunsa za ulendo, ngati adya, kwawo mvula yagwa bwanji. Ndiye anati, "Agogo, inu mwalera ana ambiri kuposa ine. Mutaona mwanayu akutupa, munati ndi chiyani?"

Agogo anayang'ana kaye mwana wawo wamkazi, kenako anati, "Amayi, mwanayu anamusempha."

Apo nkhani inamasuka. Bambo a mwanayo amagwira ganyu kutauni ndipo anabwera pa Khirisimasi. Agogo akukhulupirira kuti mkamwini wawoyo anayenda ndi mkazi wina kumeneko, nabwera wotentha, n'kunyamula mwana ndi kudya naye m'mbale imodzi popanda kukonza chilichonse. Patapita masabata angapo mapazi anayamba kutupa. Kwa iwo zizindikiro zinali zoonekeratu, ndipo tsempho si matenda opita nawo kuchipatala. Anandiyang'ana ine n'kunena kuti, "Mwanangu, jakisoni angachotse chimene bambo ake anachita?" Anapita kwa sing'anga, amene anatema mphini n'kupereka mizu yoviika m'botolo, kamwedwe kake katatu pa tsiku. Analamulanso kuti bamboyo abwere adzavomere, kuti mankhwala omaliza adzathiridwe m'chakudya chodyera pamodzi. Akhala akumudikira pafupifupi masabata atatu. Chimene chinawabweretsa kuno ndi chakuti mwana anasiya kudya ngakhale phala, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo anawakakamiza.

Ichi ndi chimene ndikufuna chilowe mu asainimenti. Anthu awa sanakhale manja lende. Anaona matenda msanga, anawatchula dzina, anapita kwa amene amadziwa za matenda a dzina limenelo, anagulitsa nkhuku kuti alipire. Kuchedwa kwawo kunachokera pa dzina la matendawo, chifukwa dzinalo ndi limene linasankha khomo logogoda ndi munthu womudikira.

A Sisita anafunsanso, modekha, kuti mwana anasiya liti kuyamwa. Mayi anawerama. Ali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo atangozindikira anamuchotsa kubere tsiku limodzi, poopa kuti mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Anamutumiza kwa agogo, kumene chakudya ndi phala la mgaiwa lamadzimadzi kawiri pa tsiku, lopanda nsinjiro, chifukwa mtedza wa chaka chatha unatha kalekale. Mwanayo anatsegulanso m'mimba kwa sabata yathunthu. Ukaika masiku pamodzi, kuleka kuyamwa ndi kubwera kwa bambo zinachitika pafupifupi nthawi imodzi. Agogo anaona chimodzi, ife tikuona chinacho.

Ndimayembekezera kuti apa a Sisita anena kuti tsempho kulibe. Sanatero. Sananenenso kuti liliko. Anati, "Za mkamwini wanu ndi nkhani ya kubanja, akuluakulu adzaikamba. Ine chimene ndikuona ndi chakuti thupi la mwanayu latopa chifukwa chakudya chinachepa, ndipo pa chimenechi tili ndi thandizo lake pompano. Tisamudikiritse." Kenako anatenga zinthu zija chimodzichimodzi. Kachingwe ka m'chiuno anangolowetsa chala kuona ngati kakuthina pa thupi lotupalo, n'kupempha agogo kuti akamasule pang'ono okha ndi manja awo. Sanakadule. Za mphini anati zimene zatemedwa zatemedwa, tizitsuka, koma zina zisaonjezeredwe, chifukwa khungu lotupa silipola msanga ndipo mwana wotere alibe mphamvu yolimbana ndi tizilombo tolowera pabala. Pa botolo m'pamene analimba. Anapempha kuliona, ndipo agogo analitulutsa m'chitenje, lija anati kulibe. Anawafotokozera kuti chiwindi ndi matumbo a mwanayu n'zofooka, sitikudziwa mphamvu ya mizuyo, ndipo m'mimba mwake malo ndi ochepa, ofunika mkaka. Anagwirizana kuti botololo alisunge agogo m'chikwama, koma mwana asamwe ali m'wodi muno.

M'kalasi aphunzitsi anatipatsa njira zitatu za Madeleine Leininger, katswiri wa unamwino: mwambo wosavulaza usungidwe, wina ukambirane kuti ugwirizane ndi chithandizo, wovulaza usinthidwe pamodzi ndi eni ake. Papepala zinkaoneka ngati mabokosi atatu ongodzaza. Lero ndaona kuti chofunika kwambiri ndi dongosolo lake. A Sisita anayamba ndi chingwe chimene anachisiya, ndipo n'chifukwa chake botolo linatuluka. Akanayamba ndi botolo, tikanamva "kulibe" mpaka mawa, mwana n'kumamwetsedwa usiku magetsi a m'wodi akazimitsidwa.

Chinanso chimene sindinachiganizirepo n'chakuti anawauziratu zimene zichitike. Mwanayu pa sikelo walemera makilogalamu 8. Chifukwa kutupa ndi +++, akulandira mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, m'malo mwa 130 amene amapatsidwa ena. Ndiye kuti mamililita 800 pa tsiku, ogawidwa kasanu ndi katatu, mamililita 100 maola atatu alionse, usiku womwe. Kwa agogo kamkaka kameneka n'kochepa momvetsa chisoni, ndipo akanafuna kuonjezera phala lathu la mchere. A Sisita anafotokoza kuti thupi la mwana wotupikana lasunga kale mchere ndi madzi ambiri, ndipo mtima wake ungalephere tikamudzaza msanga. N'chifukwa chake sapatsidwa mankhwala okodzetsa ochotsa kutupa, ndipo mapiritsi a ayironi amadikira mpaka atayamba kudya bwino ndi kukwera sikelo. Kenako ananena mawu amene ndawalemba kumbuyo kwa kope langa: "Masiku akubwerawa kutupa kuphwa, sikelo itsika, mwana aoneka wowonda kuposa lero. Musadzathawe naye. Kumeneko ndiko kuchira kwake." Akuti mabanja ena amachoka usiku pa nthawi yomweyi, poona kuti mwana amene anabwera "wonenepa" wasanduka mafupa m'manja mwa achipatala.

Anawapatsanso agogo ntchito. Iwo ndi amene aziona kuti mwana wafunda ndipo wavala chipewa usiku, chifukwa ana otere amazizidwa msanga, ndiponso aziwadzutsa mayi pa nthawi ya mkaka wa pakati pa usiku. Nkhope yawo inasintha atamva zimenezo. Mkodzo tinayeza kuti tione ngati kutupa sikukuchokera ku impso, magazi a malungo ndi a HIV atengedwa mayi atavomera, ndipo mankhwala opha tizilombo ayamba.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere, ndipo mabokosi atatu aja alibe malo ake. Pa nthawi yonseyi mayi a mwana sanayankhule mawu opitirira khumi. Ndi wamng'ono, mwina msinkhu wanga. Tsempho likaloza mwamuna wake, banja lake lili pa moto. Ife tikanena kuti vuto ndi kumuchotsa mwana kubere, chala chatembenukira kwa iye, pamene iye anangochita zimene anauzidwa ndi akuluakulu omwewo. Ulemu umene tinapereka kwa agogo unali woyenera, koma kodi sunamusiye iye yekhayekha? A Sisita anadikira agogo atapita kukatunga madzi n'kumuuza kuti mayi woyembekezera angathe kupitiriza kuyamwitsa, mkaka wake suwola, ndipo iye sanalakwe dala. Anagwedeza mutu, misozi ili m'maso, koma agogo atabwerera anakhalanso chete. Uthenga woterewu umafunika ufike kwa amene amalamula pakhomo, ndipo sitinaufikitse lero chifukwa a Sisita anaona kuti botolo ndi mchere zakwana pa tsiku limodzi. Ndikumvetsa. Koma mimba ija ikukula, ndipo mwana wotsatira adzaleredwa ndi malamulo omwewo.

Ndikutuluka, agogo anandikodola n'kundinong'oneza kuti mkamwini wawo watumiza uthenga, afika Loweruka. Akufuna ndiwapemphere chilolezo chotuluka ndi mwana kwa tsiku limodzi lokha, akamalize za kwa sing'anga, abwerenso Lamulungu. Ndinawauza kuti mwana sangalumphe mkaka ngakhale kamodzi pakali pano, ndipo nkhaniyi ndiifikitsa kwa a Sisita m'mawa. Mwina bamboyo angabwere kuwodi konkuno akambirane panja, mwana ali pabedi lake. Sindikudziwa ngati agogo angavomere zimenezo popanda chakudya chodyera pamodzi chija. Loweruka a Sisita sali pa ntchito, ndipo ine andiika kusikelo ya ana.