Lachiwiri ku Mayfair, ine ndi kope langa

Tulo takanika. Mawu a achimwene akungobwerera m'mutu: "Iwe mchemwali, bwanji osangopanga ngati anzathuwa? Zawo zikuyenda."

Tinali pagalaja pomwe amapakira katundu wopita kumudzi. Achimwene amayendetsa thiraki kuchoka kuno ku Joni kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ine ntchito yanga ndi tsamba lathu la pa Facebook. Anandisonyeza pafoni tsamba la anzathu ena a bizinesi yomweyi: thiraki yodzaza mpaka pamwamba, nyimbo ikulira, malaiki mbwee. Akufuna nafenso tijambule chimodzimodzi, mawu omwewo, tingosintha nambala ya foni.

Zandiwawa chifukwa ndatha milungu iwiri ndikuwerenga matsamba asanu a anthu amenewa, ndipo kope langa sanafune ngakhale kulitsegula.

Tsamba lililonse ndinatenga mapositi makumi awiri omaliza. Ndinkalemba tsiku, zomwe aika, ndi zomwe anthu afunsa pansi pake. Malaiki ndinasiya kuwawerengera pa tsiku lachiwiri, chifukwa munthu amatha kukonda chithunzi cha thiraki chifukwa chongosowa kwawo, alibe ndi chikwama chomwe choti atumize. Ndinatsegulanso pa Page transparency, pomwe pamaoneka tsiku lomwe tsamba linayamba komanso ngati linasinthapo dzina. Limodzi mwa asanuwo lasintha dzina katatu. Kenako ndinalowa mu Meta Ad Library, momwe aliyense angaone zotsatsa zolipira zomwe tsamba likuulutsa panthawiyo. Tsamba lomwe achimwene akulisirira lija likulipira. Ndiye tikakopera kanema wawo popanda ndalama zawo, tidzakhala ngati mwana wovala jekete la bambo ake, ndipo amene watiwona adzangokumbukira eni ake.

Koma chuma chenicheni chili mu ndemanga. Mafunso awiri ndi omwe ankabwerezabwereza. Loyamba: "Firiji mpaka ku Zomba ndi zingati?" Yankho paliponse ndi limodzi, bwerani ku inibokosi. Lachiwiri ndi la anthu omwe atumiza kale: "Galimoto yafika pati? Amayi akudikira ku Limbe." Ili ndiye siliyankhidwa n'komwe. Onse asanu amaonetsa tsiku lonyamuka, palibe amene amaonetsa za m'njira kapena katundu akulandiridwa.

Ndinawauza achimwene kuti mipata ndi iwiri imeneyi. Anaseka kaye, kenako anakhala pa tayala n'kundifotokozera zomwe kope silikanandiuza. Anati mtengo sauika poyera osati chifukwa cha ulesi. Mafiriji amasiyana kukula, msonkho wa MRA pachipata umadalira mtengo wa katunduyo, dizilo amakwera, randi ndi kwacha sizikhala malo amodzi. Ukalemba mtengo lero, mwezi wamawa munthu akubweretsera chithunzi cha positi yako n'kumati ndiwe wakuba.

Apa ndinakhala chete, chifukwa akunena zoona. Si malo onse opanda munthu omwe ndi mpata, ena anthu anawathawa dala. Ndinayenera kudzifunsa kaye kuti n'chifukwa chiyani onse asanu sakuchita zimenezi, komanso ngati ife tingazikwanitse ulendo uliwonse, osati kamodzi kokha.

Funso lachiwirilo ndiye sindikulisiya. Silifuna ndalama. Achimwene angotumiza uthenga akadutsa Beitbridge, wina pa Nyamapanda, wina pa Mwanza, ine n'kuika patsamba. Sitilonjeza tsiku lofika, popeza mzere wa pachipata sulamulidwa ndi ife, tingonena pomwe galimoto ili. Akafika, chithunzi cha katundu akutsitsidwa, mwini wake akalola. Anzathuwo akunena kuti amanyamula zambiri, ife tizinena kuti mugona opanda nkhawa. Ndipo ndidzadziwa ngati zikugwira ntchito poona ngati mafoni a usiku ofunsa za galimoto achepa, ndiponso ngati watsopano akubwera n'kunena kuti anationa patsamba.

Achimwene akuopa china. Akuti kulengeza poyera pomwe pali thiraki yodzaza ndi katundu wa anthu n'kuitana akuba. Mtima unagunda, sindinaziganizire. Mwina tiziika patsamba patapita maola angapo atadutsa kale, ndipo za nthawi yomweyo zizipita m'gulu la WhatsApp la okhawo omwe atumiza katundu ulendo umenewo. Koma zikabisika m'gulu, watsopano adzaona bwanji kuti ndife osiyana?

Sindinamalize kuwayankha, kunabwera mayi wina ndi matumba atatu opita ku Mangochi, iwo n'kudzuka kukayeza. Mayiyo polipira anafunsa kuti, "Ndiye ndidzadziwa bwanji kuti zafika?" Achimwene anandiyang'ana, osanena kanthu. Thiraki inyamuka Lachisanu, ndipo mpaka pano sanandiuze ngati adzatumiza uthenga wa pa Beitbridge.